Zoyenera kuchita foni ikalemba kuti “No service” kapena “Emergency calls only”

Foni ikasiya kugwira netiweki, anthu ambiri amasintha zinthu zingapo nthawi imodzi. Amachotsa simukhadi, amafufuta masetingi a intaneti, ndipo ena amafika pofufuta zonse za m'foni, moti pamapeto pake sadziwa chimene chinalakwika poyamba komanso chimene awononga okha. Njira yabwino ndi kutsatira dongosolo limene foniyo imatsatira ikamayaka. Choyamba imawerenga simukhadi. Kenako imafunafuna nsanja ya kampani imene inapereka simukhadiyo n'kupempha kuti ilandiridwe. Ikalandiridwa m'pamene imatsegula njira ya intaneti pogwiritsa ntchito masetingi a intaneti otchedwa APN. Gawo lililonse limadalira limene lili m'mbuyo mwake, choncho munthu amene akulimbana ndi APN pamene foni siikuwerenga n'komwe simukhadi akungotaya nthawi. Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuona zotsatira zake, musanapite pa china.

Yambani ndi kuwerenga bwino uthenga umene uli pasikirini

Mauthenga awiriwa sanena chinthu chimodzi. Foni ikalemba kuti “No service”, nthawi zambiri imatanthauza kuti siikumva nsanja iliyonse imene ingaigwiritse ntchito, mwina chifukwa muli kutali, muli m'nyumba ya zipupa zochindikala, nsanja yazima, kapena mbali ya foni imene imagwira mafunde yawonongeka. Ikalemba kuti “Emergency calls only”, ndiye kuti nsanja ikuimva ndithu, koma siinalandiridwe ngati kasitomala. Zili ngati mlendo amene wafika pachipata ndipo mlonda akumuona, koma chiphaso chake sichikuwerengeka kapena ndi cha malo ena, ndiye akungololedwa kuitanira thandizo basi. Mafoni anapangidwa kuti akakhala mu mkhalidwe umenewu azitha kuyesa kuimba nambala zangozi, monga 112, kudzera pa nsanja ya kampani iliyonse imene ili pafupi. N'chifukwa chake nthawi zina timizere ta netiweki timaoneka pasikirini koma foni n'kumakana kuimba. Mafoni a iPhone, m'mayiko ena, amalemba “SOS” potanthauza zomwezo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu. Mafoni ambiri a Android amalembanso “Emergency calls only” ngakhale pamene simukhadi siikuwerengeka n'komwe, ndipo mawu akuti “No SIM card” amangooneka pang'ono pambali kapena pasikirini yokhoma. Kuti mudziwe zoona, pitani ku “Settings”, kenako “About phone”, n'kutsegula “SIM status”. Pa iPhone pitani ku “Settings”, “General”, kenako “About”. Mukaona dzina la kampani, kapena nambala yaitali ya simukhadi yotchedwa ICCID, imene imayamba ndi 89 ndipo imakhala ndi manambala 19 kapena 20, dziwani kuti foni ikuwerenga simukhadi ndipo vuto lili kutsogolo. Malowo akakhala opanda kanthu kapena akalemba “Unknown” paliponse, vuto lili pakati pa simukhadi ndi foni.

Musanatsegule chilichonse, chitani zinthu ziwiri zosavuta. Yatsani “Airplane mode”, dikirani masekondi 30, n'kuizimitsanso, chifukwa zimenezi zimakakamiza foni kuyambiranso kupempha kulandiridwa pa nsanja. Zikakanika, zimitsani foni n'kuiyatsanso. Kenako funsani munthu amene ali pafupi nanu, yemwe amagwiritsa ntchito netiweki yofanana ndi yanu, ngati yake ikugwira. Ngati nayenso alibe, vuto ndi la nsanja ndipo palibe chimene mungakonze pafoni yanu. Pafoni ya masimukhadi awiri, onaninso pa “SIMs” kapena “SIM manager” ngati simukhadiyo siinazimitsidwe mwangozi.

Gawo loyamba: mmene simukhadi yakhalira

Zimitsani kaye foni. Mafoni ambiri atsopano amalola kuchotsa simukhadi ali oyaka, koma kuzimitsa kumathandiza kuti foni idzaiwerenge mwatsopano ikamadzayaka. Tengani kawaya kotsegulira, kapena kawaya kopanira mapepala kowongoledwa, n'kukalowetsa molunjika m'kabowo ka pakathireyi konyamula simukhadi. Onetsetsani bwino kabowoko, chifukwa pafoni zambiri kabowo ka maikolofoni kamakhala pafupi ndipo kamafanana nako. Kabowo koyenera kamakhala pa kathireyi penipeni kapena moyandikana kwambiri ndi m'mphepete mwake. Musagwiritse ntchito singano, popeza nsonga yake imaterereka n'kukanda m'kati.

Mukatulutsa kathireyi, yang'anani simukhadi pamalo owala. Mbali yagolide iyenera kukhala yoyera ndi yosalala. Timikwingwirima tating'ono timene timano ta m'foni tokhudza simukhadi timasiya si vuto, koma dzimbiri lobiriwira, mafuta a m'manja, mng'alu, kapena kupindika kwa khadi lonse zikhoza kulepheretsa magetsi kudutsa. Pukutani mbali yagolideyo ndi kansalu kofewa kouma, monga kopukutira magalasi a maso. Litsiro likakanirira, nyowetsani kansaluko pang'ono ndi mankhwala opukutira zipangizo zamagetsi amene amauma msanga, ndipo dikirani kuti khadi liume musanalibwezere. Musagwiritse ntchito madzi kapena malovu, ndipo musapale ndi lezala, chifukwa golideyo ndi wopyapyala kwambiri moti akachoka chitsulo cha pansi pake chimachita dzimbiri msanga.

Nkhani ya kukula kwa simukhadi ndi imene imabweretsa mavuto ambiri obisika. Pali misinkhu itatu yodziwika: yaikulu ndi mamilimita 25 m'litali ndi 15 m'lifupi, yapakati ndi 15 ndi 12, ndipo yaing'ono kwambiri ndi 12.3 ndi 8.8. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti yaing'onoyo ndi yopyapyalanso, mamilimita 0.67, pamene zinazo ndi 0.76. Choncho simukhadi yakale imene inadulidwa ndi lumo kapena kachipangizo kodulira imakhala yonenepa pang'ono kuposa malo ake, ndipo imatha kukakamira kapena kupinda timano ta m'foni. Ikadulidwa mokhota, mbali yagolide siigwirizana bwino ndi timanoto, ndipo foni imaiwerenga lero, mawa ayi. Simukhadi yaing'ono imene yaikidwa m'kafulemu kuti ikwane pamalo aakulu imathanso kusuntha foni ikagwa kapena ikagwedezeka m'thumba. Chenjezo lalikulu pano ndi lakuti musalowetse kafulemu kopanda simukhadi m'foni, chifukwa timano timakodwa m'bowo lake ndipo pokoka timathyoka. Vuto limene linali laling'ono limasanduka lofunika mmisiri.

Pobwezera, tsatirani ngodya yodulidwa. Simukhadi iliyonse ili ndi ngodya imodzi yodulidwa ndipo kathireyi kali ndi ngodya yofanana nayo, choncho pali njira imodzi yokha yoikira. Pitsani chala pamwamba pake kuti mumve ngati yakhala mofanana ndi kathireyi mbali zonse. Ngati kathireyi kamanyamulanso memorekhadi, onani kuti nayonso yakhazikika, poti ikatukuka imakweza kathireyi konse. Lowetsani mosakakamiza mpaka m'mphepete mwake mufanane ndi thupi la foni. Kathireyi kakakhala kopindika, kothyoka, kapena kochokera ku foni ya mtundu wina, kasintheni, chifukwa ngakhale kusiyana kochepa kumakwanira kuti khadi lisakhudze timano. Mukadatsegula choncho, unikani ndi tochi m'kati mwa malowo. Mafoni ambiri ali ndi kapepala koyera kamene kamasanduka kofiira kakakhudzidwa ndi madzi, ndipo kakakhala kofiira m'poyenera kukayikira dzimbiri m'kati mwa foni.

Foni ikayaka n'kupempha PIN, kumbukirani kuti mukalakwitsa katatu simukhadi imadzikhoma ndipo imafuna PUK, nambala ya manambala 8 imene imapezeka pa khadi lalikulu limene simukhadi inabwera nalo kapena kukampani. Mukalakwitsa PUK maulendo 10, simukhadiyo imatsekeka mpaka kalekale. Musayese kuilota.

Gawo lachiwiri: kusinthanitsa

Pa zonse zimene zili m'malangizo ano, kuyesa kumeneku ndi kumene ndimakukhulupirira kwambiri, chifukwa kumalekanitsa vuto la simukhadi ndi vuto la foni m'mphindi zochepa. Ikani simukhadi yanu m'foni ina imene mukudziwa kuti ikugwira ntchito, ndipo ikani simukhadi ina yabwino m'foni yanu, makamaka ya kampani yomweyo, muli pamalo omwewo.

Simukhadi yanu ikakana m'mafoni onse awiri, vuto ndi khadilo kapena nambala yanu. Mwina khadi lafa, mwina nambala inatsekedwa chifukwa chokhala nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito, kusamaliza kalembera kumene malamulo amafuna kalembera, kapena ngongole. Zikatero palibe batani la pafoni limene lingathandize, ndipo muyenera kupita kukampani ndi chiphaso chanu. Ngati nambala yafa mwadzidzidzi, popanda chifukwa chooneka, pamene ena a netiweki yomweyo akuimba bwinobwino, musachedwe ngakhale tsiku limodzi. N'zotheka kuti munthu wina wakatulutsa simukhadi ina pa nambala yanu mwachinyengo, ndipo zikatero mauthenga achinsinsi a kubanki amapita kwa iye.

Simukhadi yanu ikagwira m'foni ina, koma yabwino ija n'kukana m'foni yanu, vuto lili m'foni. Ngati foni ili ndi malo awiri, yesani malo enawo. Akagwira, ndiye kuti timano ta malo oyamba tawonongeka, kapena masetingi a malo amenewo ndi olakwika, zimene gawo lotsatira lithandiza kusiyanitsa. Foni ikalandira simukhadi ya kampani imodzi yokha n'kukana ena onse, kapena ikalemba “SIM network unlock PIN” kapena “SIM not supported”, ndiye kuti inakhomedwa ndi kampani imene inaigulitsa koyamba, ndipo ndi kampani imeneyo imene ingaitsekule. Pa iPhone, mzere wa “Carrier Lock” pa “About” umalemba “No SIM restrictions” ngati foni ndi yosakhoma.

Gawo lachitatu: mtundu wa netiweki

Tsopano tinene kuti foni ikuwerenga simukhadi, nambala ili moyo, koma foni siikulandiridwabe. Pa Android pitani ku “Settings”, “Network & internet”, sankhani simukhadiyo, n'kutsegula “Preferred network type”. Pa mafoni a Samsung njira yake ndi “Connections”, “Mobile networks”, kenako “Network mode”. Pa iPhone ndi “Cellular” kapena “Mobile Data”, kenako “Voice & Data” imene ili m'kati mwa zosankha za deta. Mayinawa amasinthasintha malinga ndi mtundu wa foni, choncho mukasowa, lembani mawu akuti “network” m'kabokosi kofufuzira ka mu “Settings”.

Chimene mukufuna ndi chosankha chimene chimalola mibadwo yonse, monga “LTE/3G/2G (auto connect)”, kapena chokhala ndi 5G kutsogolo ngati foni ili nayo. Pa mafoni ena 2G imalembedwa GSM, 3G imalembedwa WCDMA, ndipo 4G imalembedwa LTE. Foni ikakhomeredwa pa mbadwo umodzi, imanyalanyaza mibadwo ina yonse ngakhale nsanja yake ili pafupi. Anthu amakonda kuikhomera pa 4G yokha pofuna kuti intaneti isamatsike liwiro, ndipo zimayenda bwino mpaka tsiku limene apita kudera kumene kampaniyo ili ndi 2G kapena 3G yokha. Pali vuto linanso la 4G yokha limene silioneka msanga: 4G imanyamula mawu pokhapokha foni ndi kampani zonse zikamagwiritsa ntchito VoLTE, njira yoimbira foni kudzera pa 4G. Popanda VoLTE, foni imayenera kutsikira ku 3G kapena 2G nthawi iliyonse yoimba kapena kulandira, ndipo ikaletsedwa kutsika, intaneti imagwira koma anthu okuimbirani amauzidwa kuti simukupezeka.

Vutoli limachitikanso mbali inayo. Makampani m'mayiko ambiri akuzimitsa 3G, monga zinachitikira ku Germany mu 2021 ndi ku America mu 2022, ndipo foni imene inakhomeredwa pa “3G only” kumalo otero imalemba “No service” mpaka mutaisintha. Mafoni ena akale a masimukhadi awiri amapereka 4G kwa simukhadi imene yasankhidwa kuti ikhale ya deta yokha, ndipo inayo imatsalira pa 2G. Kumene kampani ya simukhadi yachiwiriyo ilibe 2G, khadilo limaoneka ngati lafa. Yesani kulisankha kuti likhale la deta ndipo muone ngati lidzuka.

Mukakonza mtundu wa netiweki, pitani pa kasankhidwe ka kampani. Zimitsani “Automatically select network” kapena “Select automatically”, ndipo foni iyamba kufufuza, zimene zingatenge mphindi imodzi kapena ziwiri. Mndandanda umene utuluke ndi umboni wofunika kwambiri. Ukatuluka wopanda kanthu pamalo pamene mafoni ena akugwira, kayikirani mlongoti wa m'kati mwa foni kapena mbali imene imagwira mafunde. Makampani ena akaoneka koma yanu ayi, ndiye kuti yanu siifika pamalopo, kapena foni yanu siitha kumva mafunde amene kampaniyo imagwiritsa ntchito, zimene zimachitika ndi mafoni opangidwira mayiko ena. Yanu ikaoneka, isankheni. Ikakulandirani, vuto linali lakuti foni inakakamira pa kampani ina imene inasankhidwa pamanja kale, kawirikawiri paulendo wa kunja. Ikakukanani n'kulemba kuti siingathe kulumikiza, ndiye kuti kampaniyo ikukana simukhadi kapena foniyo. Mukamaliza, bwezerani kasankhidweka kuti foni izisankha yokha, chifukwa mukakasiya pamanja mudzakumana ndi vuto lomweli mukadzasamuka dera. Ngati muli kunja kwa dziko limene simukhadi inachokera, nambala yanu iyenera kukhala yololedwa ndi kampani yanu kugwira ntchito kunjako, ndipo batani la “Data roaming” limakhudza intaneti yokha, osati kulandiridwa kwa nambala.

Timizere ta pasikirini sitinena zambiri, choncho onani “Signal strength” pa “SIM status”. Pa 4G, nambala yoyandikira -80 dBm ndi yamphamvu, -110 dBm ndi yofooka, ndipo ikafika cha m'ma -120 dBm foni imayamba kutaya netiweki. Yerekezani ndi foni ina ya netiweki yomweyo mutaziika pamodzi. Yanu ikamatsalira kwambiri nthawi zonse, makamaka ngati inagwapo kapena inatsegulidwapo posintha batire kapena sikirini, n'kutheka kuti kawaya ka mlongoti kanachoka pamalo pake.

Gawo lachinayi: APN

Ndikofunika kunena mosabisa kuti APN siikhala kawirikawiri gwero la “No service”. Ntchito yake ndi kuuza kampani khomo limene deta yanu idutsire popita pa intaneti. Pa 2G ndi 3G foni imalandiridwa kaye, ndipo imatha kuimba ndi kutumiza mauthenga ngakhale APN ili yolakwika kotheratu. Chizindikiro chenicheni cha APN yolakwika ndi ichi: timizere tilipo, kuimba kukutheka, bandulo ilipo, koma kachilembo ka 4G, H kapena E sikakuoneka, kapena kakuoneka koma masamba sakutseguka.

Komabe pa 4G pali kusiyana kumene kumachititsa kuti gawoli lisadumphidwe. Foni ikamapempha kulandiridwa pa 4G, imapemphanso njira ya deta pa nthawi yomweyo, ndipo makampani ena amakana pempho lonselo ngati APN ndi yosadziwika kwa iwo. Nthawi zambiri foni imangotsikira ku 3G kapena 2G ndipo mwini wake amangodabwa kuti 4G yasowa. Koma ngati kulibe kotsikira, chifukwa foni inakhomeredwa pa 4G kapena kampaniyo ilibe mibadwo yakale, APN yolakwika imatha kusiya foni yopanda netiweki konse.

Tsegulani “Access Point Names”, imene ili pamalo omwewo pamene munapeza mtundu wa netiweki, ndipo onetsetsani kuti mwasankha simukhadi yoyenera. Musanasinthe kanthu, jambulani sikirini kuti mukhale ndi pobwerera. Kenako dinani timadontho titatu ta pakona n'kusankha “Reset to default”. Zimenezi zimafufuta zimene anthu analemba pamanja n'kubwezeretsa zimene foni imadziwa za kampaniyo, ndipo nthawi zambiri zimakwanira. Onani kuti kabwalo ka pambali pa APN imodzi kasankhidwa, chifukwa mndandanda ukhoza kukhalapo koma popanda yosankhidwa.

Mndandanda ukatsala wopanda kanthu, lembani APN yatsopano podina chizindikiro chowonjezera. Pa “Name” mukhoza kulemba dzina lililonse. Pa “APN” lembani ndendende zimene kampani yanu imapereka, zimene muyenera kuzitenga kwa kampaniyo osati kwa munthu wongoganizira, ndipo samalani kuti foni isawonjezere mpata kumapeto kapena kusintha mawuwo poyesa kukonza kalembedwe. Malo a “Proxy” ndi “Port” asiyeni opanda kanthu, pokhapokha kampani itanena kuti mulembemo, chifukwa adiresi yakale yotsalira pamenepo imachititsa kuti mapulogalamu ena azigwira pamene masamba a intaneti akukana. Chimodzimodzinso “Username” ndi “Password”. Pa “APN type”, zimene zimagwira ntchito pa intaneti wamba ndi izi, popanda mpata pakati:

```
default,supl
```

Pa “APN protocol” sankhani “IPv4/IPv6”, ndipo zikakanika yesani “IPv4”. Manambala a “MCC” ndi “MNC” musawakhudze. Foni imawatenga pa simukhadi, ndipo amasonyeza dziko ndi kampani. Mukawasintha, APN imene mwalembayo imasowa pamndandanda mukangoisunga, chifukwa foni imaonetsa zokhazo zogwirizana ndi simukhadi imene ilimo. Pomaliza dinani “Save” pa timadontho tija, chifukwa pa mafoni ambiri kungobwerera m'mbuyo kumataya zonse, kenako sankhani APN yatsopanoyo n'kuyatsa ndi kuzimitsa “Airplane mode”. Pa iPhone malo amenewa amatchedwa “Cellular Data Network” kapena “Mobile Data Network”, ndipo makampani ena amawabisa chifukwa amatumiza okha masetingiwo.

Chitsanzo: foni yogulidwa kwa munthu wina

Tiyerekeze kuti mayi wina wagula foni ya Android imene inagwirapo kale ntchito. Pamalo ogulira, m'tauni, anaikamo simukhadi yake ndipo kachilembo ka 4G kanaoneka. Atafika kunyumba, kunja kwa tauni, foni ikulemba “Emergency calls only”, pamene foni yake yakale inkagwira bwino pamalo omwewo.

Pa “SIM status” dzina la kampani likuoneka, koma “Service state” ikulemba “Out of service”. Ndiye kuti khadi likuwerengeka, ndipo palibe chifukwa cholipukutira kapena kukayikira kathireyi. Atabwezera simukhadi m'foni yakale, ikugwira n'kuonetsa kachilembo ka H, kutanthauza kuti nambala ili moyo ndipo kampaniyo imafika pamalopo ndi 3G. Mfundo imeneyi ndi imene ikuloza kumene vuto lili: foni yatsopano inagwira kumene kuli 4G, ndipo yakana kumene kuli 3G. Nsanja imene ikuimva, imene ikuchititsa uthenga wa nambala zangozi, ndi ya kampani ina imene ili ndi 4G m'deralo.

Pa “Preferred network type” zikuoneka ngati zonse zili bwino, koma mafoni ambiri a Android ali ndi tsamba lina lobisika limene limatseguka mukalemba izi pamalo oimbira:

```
*#*#4636#*#*
```

Pa tsambalo, pansi pa “Phone information”, mzere wa “Set preferred network type” ukulemba “LTE only”. Mwini wake wakale anaikhomera pamenepo. Mayiyo akusankha chosankha chokhala ndi LTE, WCDMA ndi GSM pamodzi, osakhudza china chilichonse pa tsambalo, ndipo patapita masekondi angapo timizere tikubwera ndipo kuimba kukutheka. Nambala yobisikayi siigwira ntchito pa mafoni onse, ndipo mafoni ambiri a Samsung amaikana. Pa mafoni otero, kusankha mtundu wina pa masetingi wamba n'kubwereranso pa wosankha wokha kumachita ntchito yofanana.

Intaneti yokha ikukanabe. Popeza kuimba kukutheka, tsopano ndi nthawi yoyenera kuyang'ana APN, ndipo akupeza kuti yosankhidwa inalembedwa pamanja, ili ndi adiresi pa “Proxy”. Atadina “Reset to default”, masamba akuyamba kutseguka. Mavuto anali awiri, pa magawo awiri osiyana, ndipo akanayambira pa APN sakanaona kusintha kulikonse, mwinanso akanaganiza kuti anagulitsidwa foni yakufa.

Zonsezi zikakanika

Chotsatira ndi kubwezeretsa masetingi onse a netiweki. Pa Android zili pa “System”, “Reset options”, pa Samsung zili pa “General management”, “Reset”, ndipo pa iPhone zili pa “General”, “Transfer or Reset iPhone”, “Reset”, “Reset Network Settings”. Zimenezi sizifufuta zithunzi kapena mauthenga, koma pa mafoni ambiri zimafufuta mawu achinsinsi a Wi-Fi ndi zipangizo za Bluetooth zimene munalumikiza, choncho lembani kaye mawu achinsinsiwo. Samalani kuti musadine “Erase all data” imene ili pafupi. Ngati mukugwiritsa ntchito eSIM, simukhadi yopanda khadi imene imalembedwa m'kati mwa foni, musasankhe kuifufuta, chifukwa kuibwezeretsa kumafuna kampani. Muthanso kulumikiza foni pa Wi-Fi n'kuona ngati pali pulogalamu yatsopano ya foniyo, popeza masetingi a makampani amabwera nthawi zina kudzera m'menemo.

Pomaliza onani nambala ya foniyo polemba izi pamalo oimbira:

```
*#06#
```

Payenera kutuluka IMEI, nambala ya manambala 15, ndipo foni ya masimukhadi awiri imakhala ndi ziwiri. Pakapanda kutuluka kanthu, kapena pakalembedwa “null” kapena mazilo okhaokha, ndipo “Baseband version” pa “About phone” ikalemba “Unknown”, ndiye kuti mbali ya foni yolankhulana ndi nsanja yawonongeka kapena pulogalamu yake inasokonezeka, ndipo imeneyi ndi ntchito ya mmisiri. IMEI ikakhala yabwinobwino, makampani akuoneka pamndandanda, koma simukhadi iliyonse yabwino ikukanidwa m'foni imeneyi yokha, n'kutheka kuti foniyo inalembedwa m'kaundula wa mafoni obedwa kapena osaloledwa. Kampani ikhoza kutsimikizira zimenezi mukaipatsa IMEI, ndipo musalole munthu kuisintha nambalayo, chifukwa m'mayiko ambiri kutero ndi mlandu.

Popita kukampani kapena kwa mmisiri, tengani foni, simukhadi, chiphaso chanu ndi umboni wa kumene munagula foniyo. Muwauze mwatsatanetsatane uthenga umene ukuoneka, ngati ICCID ikuwerengeka, zimene zinachitika mutasinthanitsa masimukhadi, ndiponso makampani amene anatuluka pamndandanda mutafufuza pamanja.